Khadi limene bambo ake a Ruma sanatumize

M'nkhani yaifupi ya Jhumpa Lahiri yotchedwa Unaccustomed Earth muli anthu awiri achikulire amene mitima yawo yagwirizana. Wina ndi bambo wa zaka 70 amene mkazi wake wamwalira posachedwa, winayo ndi mayi amene anaferedwa mwamuna kalekale ali mtsikana. Chodabwitsa n'chakuti kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, m'masamba opitirira 50, mayiyo salowa m'chipinda chilichonse chimene nkhani ikuchitikira. Timamudziwa kudzera m'maganizo a bamboyo, timamuona kanthawi kochepa m'vidiyo, ndipo pamapeto timawerenga dzina lake pa khadi lodetsedwa ndi dothi. Basi. Komabe munthu ukatseka bukulo umapeza kuti mayi wosaonekayo ndiye wagwedeza banja lonse.

Nkhaniyi ndi yoyamba mwa nkhani 8 za m'buku la dzina lomwelo, limene linatuluka mu 2008 ndipo chaka chomwecho linapata mphotho ya Frank O'Connor, imene inkaperekedwa ku Ireland kwa olemba nkhani zazifupi. Lahiri anabadwira ku London mu 1967, makolo ake ndi Abengali ochokera ku India, ndipo anakulira ku Rhode Island m'dziko la America. Buku lake loyamba, Interpreter of Maladies, linamupatsa mphotho ya Pulitzer mu 2000. Anthu a m'nkhani zake nthawi zambiri amakhala ngati makolo ake omwe: ophunzira bwino, anachoka ku Calcutta kukafuna maphunziro ndi ntchito, nabereka ana amene chilankhulo cha makolo amangochimva koma sachiwerenga.

Mwana wotero m'nkhaniyi ndi Ruma. Ali ndi zaka 38, ndi loya koma wasiya ntchito, wakwatiwa ndi Mmerika dzina lake Adam, ndipo angosamuka kumene kuchoka ku Brooklyn kupita ku Seattle, tsidya lina la dziko, kumene sadziwa munthu. Ali ndi mwana wa zaka 3, Akash, komanso ndi woyembekezera. Mayi ake anamwalira mwadzidzidzi pa opaleshoni yochotsa miyala ya m'ndulu, opaleshoni imene aliyense ankaiona ngati yaing'ono, thupi lawo litadana ndi mankhwala amene anawapatsa powagonetsa. Mchimwene wake Romi ali kutali ku New Zealand. Tsono bambo ake akubwera kudzacheza kwa sabata imodzi, ndipo Ruma wagwira njakata. Mwambo wa kwawo umati kholo likatsala lokha mwana alitenge. Iye akuopa kuti bambo ake adzakhala katundu, koma akuopanso kuti akapanda kuwaitana adzakhala mwana wopanda khalidwe.

Chimene Ruma sakudziwa n'chakuti bambo akewo sakusowa pokhala, ndipo sakusowa wocheza naye. Atapuma ntchito pa kampani yopanga mankhwala anagulitsa nyumba yaikulu imene ana anakuliramo ku Pennsylvania, nalowa m'kanyumba ka chipinda chimodzi, nayamba kuyenda maulendo a gulu okaona maiko a ku Ulaya: France, Holland, Italy. Ulendo woyamba sunali wawo n'komwe. Ruma anaukonza kuti apite ndi mayi ake ku Paris, ndipo maliro atachitika bambo anapempha kuti apite ndiwo. Pa maulendo amenewa ndi pamene anakumana ndi Mayi Meenakshi Bagchi.

Mmene awiriwa anayambira kugwirizana ndi mopanda mchere kwenikweni, ndipo Lahiri anachitira dala. M'gulu lonse la alendo Abengali anali awiri okhawo. Motero ankakhala pampando umodzi m'basi, kudyera tebulo limodzi, kulankhulana m'chilankhulo chawo, mpaka anzawo a paulendo n'kumawayesa banja. Palibe amene anafunsira mnzake. Chinachitika n'chakuti bamboyo anazolowera kukhala ndi munthu pambali, kenaka anapezeka akudikira ulendo wotsatira, akutsegula imelo kangapo patsiku kuti aone ngati mayiyo walemba. Ngakhale m'maganizo mwawo momwe, m'mene mulibe wowamva, amamutchulabe kuti Mayi Bagchi, osati Meenakshi. Kanthu kakang'ono kameneka kakutiuza msinkhu wa ubwenziwu kuposa mmene ndime yathunthu ikanachitira: ndi ubwenzi wa anthu amene anakula akudziwa kuti dzina loyamba la munthu silitchulidwa wamba.

Mbiri ya Mayi Bagchi ndi yaifupi koma yolemera. Anakwatiwa ndi mnyamata amene anamukonda kuyambira ali wamng'ono, ndipo patangotha zaka 2 mwamunayo anafa pa ngozi ya njinga yamoto. Ali ndi zaka 26 ananyamuka kupita ku America, podziwa kuti akakhala ku Calcutta makolo ake amupezera mwamuna wina. Anaphunzira mpaka kukhala dokotala wa masamu a ziwerengero, n'kumaphunzitsa pa yunivesite ya Stony Brook ku Long Island, akukhala yekha zaka zonsezo.

Wowerenga wa ku Bengal amamva kulemera kwa zimenezi msanga kuposa ife. Kumeneko, makamaka m'mabanja achihindu a mitundu yapamwamba, umasiye wa mkazi unali ngati chilango. Mayi woferedwa ankavala nsalu yoyera yokhayokha, ankafufuta ufa wofiira umene akazi apabanja amapaka pamzere wa tsitsi, ankavula zibangili, ndipo ankaleka kudya nsomba ndi nyama m'dera limene nsomba ndiye ndiwo ya tsiku ndi tsiku. Kukwatiwanso kunali koletsedwa ngakhale kwa mtsikana amene waferedwa asanakhwime. Zinatengera khama la mphunzitsi wina wa ku Calcutta komweko, Ishwar Chandra Vidyasagar, kuti mu 1856 pakhazikitsidwe lamulo lolola akazi amasiye achihindu kukwatiwanso, ndipo ngakhale lamulo linalipo, anthu ambiri anapitirizabe kuona ukwati wotero ngati chinthu chochititsa manyazi. Lahiri anatembenuza mbiri imeneyi. Mayi Bagchi sakuthawa oletsa kukwatiwa, akuthawa omukakamiza kukwatiwa. Savala zoyera, amavala majuzi ndi mathalauzi ngati mayi aliyense wa ku America. Koma anakhalabe wokhulupirika kwa malemu mwamuna wake kuposa mmene mwambo uliwonse ukanamulamulira, chifukwa anasankha yekha.

Apa ndi pamene pagona mtima wa nkhaniyi. Mayi Bagchi ananeneratu kuti sadzakwatiwanso ndipo sadzakhalanso nyumba imodzi ndi mwamuna. M'nkhani zambiri mawu otere amakhala chopinga chimene mwamuna ayenera kugonjetsa, kuti pamapeto kukhale ukwati ndi nthungululu. Kuno ayi. Bambo ake a Ruma atamva zimenezi mtima wawo unakhala m'malo, ndipo anayamba kumufuna kwambiri mayiyo chifukwa cha malire omwewo. Anagwirizana kuti pakadali pano azionana paulendo pokha, ngakhale kuchoka ku Pennsylvania kupita ku Long Island ndi mtunda woyenda pa galimoto. Ulendo wotsatira ndi wa ku Prague, kumene kwa nthawi yoyamba agwirizana zogona chipinda chimodzi. Ubwenziwu ukukula, koma ukukula pang'onopang'ono, ndipo mbali iliyonse ikudziwa pamene mpanda wadutsa.

N'chifukwa chiyani bambo woti anakhala pabanja zaka pafupifupi 40 akusangalala ndi mkazi amene sakufuna kumuphikira kapena kumuchapira? Yankho la Lahiri ndi lowawa pang'ono. Ukwati wa bamboyu unali wochita kukonzedwa ndi makolo. Unali wa udindo: kupezera banja chakudya, kulipira sukulu, kusenza masutikesi paulendo wautali wopita ku Calcutta, kumva madandaulo a mkazi amene ankasowa kwawo. Sanali mwamuna woipa, ndipo mkazi wake sanali mkazi woipa. Koma pamalo ena bamboyo amavomereza mumtima kuti Mayi Bagchi anakonda mwamuna wake wa zaka ziwiri kuposa mmene iwo anakondera mkazi wawo wa zaka zonse zija. Wolemba wamantha akanachotsa ganizo limeneli poopa kuti owerenga adana naye bamboyo. Lahiri analisiya, ndipo kwa ine ndi limene limachititsa kuti nkhaniyi ikhulupirike. Anthu awiriwa sanaferedwe mofanana. Wina anataya chikondi, winayo anataya chizolowezi cha moyo wonse. Mayi Bagchi sakufuna wolowa m'malo mwa malemu chifukwa malowo ndi odzaza kale. Bamboyo sakufuna wolowa m'malo chifukwa atopa ndi malowo. Zifukwa zawo n'zosiyana, koma zikuwafikitsa pa pangano limodzi.

Mantha a Ruma si opanda pake. Madokotala anazindikira kale kuti mwamuna wachikulire akaferedwa mkazi, moyo wake umakhala pachiswe. Mu 1969 Colin Murray Parkes ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa amuna amasiye 4,486 a ku Britain, a zaka 55 kupita m'tsogolo, ndipo anapeza kuti m'miyezi 6 yoyambirira imfa pakati pawo zinali zochuluka ndi pafupifupi 40 pa 100 alionse poyerekeza ndi amuna apabanja a msinkhu womwewo, ambiri akufa ndi matenda a mtima. Choncho mwana amene akuganiza kuti bambo ake akufota okha m'kanyumba sakulota. Kungoti Ruma akuyembekezera munthu wofooka, ndipo amene akutsika m'galimoto ya hayala pakhomo pake ndi mdala wowoneka bwino, wovala kachipewa kogula ku Pompeii, amene poyamba akumuona ngati Mmerika wina aliyense.

Luso lalikulu la nkhaniyi ndi mmene yagawidwira. Ndime zina tili m'mutu mwa Ruma, zina tili m'mutu mwa bambo ake, mosinthanasinthana, ndipo wowerenga yekha ndiye akudziwa mbali zonse ziwiri. Ruma akaona bambo ake ali chete, amaganiza kuti akulira mayi. Ife tikudziwa kuti mwina akuganiza za Prague. Bamboyo akaona mwana wawo watopa, ali yekha m'nyumba yaikulu ndi mwana wovuta, amaona mkazi wawo wa zaka zapitazo, ndipo amachita mantha, n'kumamuumiriza kuti abwerere ku ntchito yake ya uloya. Ruma amamva ngati akumudzudzula. Palibe amene akunama kwenikweni, koma aliyense akuwerenga mnzake molakwika. Dzina la bamboyo sitiuzidwa n'komwe. Kwa Ruma ndi Baba, kwa Akash ndi Dadu, ndiye kuti agogo. M'nyumba ya mwana wawo iwo ndi udindo basi, ndipo munthu mmodzi yekha amene amawaona ngati munthu payekha ali kutsidya lina la dziko.

Mkati mwa sabatayo zinthu zimatembenuka. Bamboyo amadzipangira tiyi, amatsuka mbale, amasewera ndi Akash n'kumamuphunzitsa mayina a mitundu ya zinthu m'Chibengali, zomwe sanachitepo ndi ana awo enieni. Amapita kukagula mbande ndi manyowa n'kuyamba kulima kuseri kwa nyumba, ndipo pakati pa zobzalazo pali duwa la haidiranjiya limene malemu mkazi wawo ankalikonda. Uku ndiko kulira kwawo, ndipo n'kokhako kumene Ruma akuona ndi maso. Akash nayenso amapatsidwa kachigawo kake, m'mene amakwirira zidole ndi tizinthu tina poganiza kuti timera. Pofika kumapeto kwa sabata Ruma sakuopanso kuti bambo ake akhala. Akuopa kuti achoka. Amawapempha kuti asamukire kwa iye, ndipo iwo amakana mofatsa.

Kukana kumeneku n'kumene owerenga amagawanikapo. Ena amati mdalayu ndi wodzikonda, wasiya mwana woyembekezera chifukwa cha mayi wa paulendo. Ine sindikuona choncho. Bamboyo azindikira kuti pempho la Ruma silikuchokera pa kusowa kwawo, likuchokera pa kusowa kwa Ruma mwini, ndipo akudziwa kuti akalowa m'nyumbamo ayambanso moyo umene angoumaliza kumene: phokoso la ana, mikangano ya banja la eni, katundu wodzaza nyumba, kukhala m'mphepete mwa ukwati wa mwana wako. Mayi Bagchi ndi gawo chabe la chifukwa chawo. Chimene bamboyo akuteteza ndi moyo wopepuka umene aupeza ali ndi zaka 70, ndipo mayiyo ndi munthu yekhayo amene akuwalola kukhala nawo osawapempha kanthu. Kulakwa kwawo, ngati kulipo, n'kwakuti sanamuuze mwana wawo zoona. Anali ndi mpata pamene ankaonetsa vidiyo ya ulendo wa ku Italy, Ruma ataona mayi wooneka ngati Mmwenye akudutsa pa chithunzi, koma anangozembetsa nkhaniyo.

Chinsinsicho chimaululika ndi mwana. Bamboyo analembera Mayi Bagchi khadi la papositi m'Chibengali, nalibisa m'buku kuti akalitumize akachoka. Atafika pabwalo la ndege amapeza kuti palibe. Akash analitenga n'kukalizika m'kadimba kake kaja. Ruma amalipeza bambo ake atapita kale. Mawu a pakhadipo sangathe kuwawerenga, chifukwa zilembo za Chibengali sanaziphunzire, koma keyala yalembedwa m'Chingerezi, ndipo dzina la mkazi likuoneka bwinobwino. Nthawi yomweyo akukumbukira mayi wa m'vidiyo uja, akumvetsa chifukwa chake bambo ake akuoneka osangalala, ndiponso chifukwa chake akana. Makhadi amene iye ankalandira kuchokera ku Ulaya ankakhala a mawu ochepa, ouma, onena za malo amene aona ndi tsiku lobwerera. Ruma amalipukuta dothi, amamatapo sitampa, n'kulisiya kuti wa positi alitenge. Sitiuzidwa kuti wakhululuka, kapena kuti wasangalala.

Wowerenga wa kuno sangalephere kuyerekeza ndi zathu, ngakhale nkhaniyi ndi ya Abengali a ku America. Kwathu mwambo unapereka njira: maliro akatha, kumeta kukachitika, wotsalayo akasudzulidwa, ndi mfulu. Koma ufuluwo timaumva ngati chilolezo cha ukwati wina basi. Bambo wachikulire akaferedwa funso limakhala lakuti aziwaphikira ndani, ndipo mayi wachikulire akaoneka akucheza ndi bambo wina timafunsa kuti pamsinkhu umenewu akufunanso chiyani. Ana nawo maso amakhala pa nyumba ndi munda, poopa kuti wobwerayo adzatenga. Malo a anthu awiri ongofuna kumwera tiyi limodzi, aliyense n'kubwerera kwake, ndi ochepa m'malankhulidwe athu, ndipo mpingo ndi anansi sachedwa kuwapatsa dzina lina. Ndiponso amene ali ku Joni kapena ku Mangalande, amene anaitanapo kholo loferedwa kuti libwere lizikhala ndi zidzukulu, angafunse ngati Ruma kuti pempholo linali lothandiza ndani kwenikweni.

Mapeto a Lahiri amaoneka bwino ukawaika pambali pa buku lina la mutu womwewu, Our Souls at Night, limene Kent Haruf analimaliza atatsala pang'ono kumwalira mu 2014, n'kutuluka mu 2015. Kumeneko mayi wamasiye, Addie Moore, amapita kwa mnansi wake wamasiye, Louis Waters, m'tauni yaing'ono ya ku Colorado, kukamupempha kuti azibwera usiku kudzagona pambali pake kuti azicheza, poti usiku ndiwo umavuta. Miseche ya m'tauni amaipirira. Chimene chimawagonjetsa ndi mwana wa Addie, Gene, amene akukayikira kuti Louis akufuna ndalama za mayi ake, ndipo amaopseza kuti akapitiriza sadzamuonanso mdzukulu wawo. Addie amasankha mdzukulu, ndipo awiriwo amatsala n'kulankhulana pa foni. M'nkhani zonse ziwiri chiweruzo chili m'manja mwa mwana, ndipo mdzukulu ali pakati. Gene amagwiritsa ntchito mphamvu yake kutseka khomo. Ruma, amene akanangoponya khadilo m'bini popanda wina kudziwa, amalitumiza.

Pali zinthu ziwiri zimene ndimaiona nazo nkhaniyi kuti yapepuka. Choyamba ndi ndalama. Ubwenzi wofatsawu watheka chifukwa onse awiri ali ndi ndalama zawozawo, nyumba zawozawo, thanzi labwino ndi pasipoti. Mayi Bagchi angathe kukana ukwati chifukwa malipiro a ku yunivesite amamukwanira. Mayi wamasiye amene alibe kanthu, ku Calcutta kapena kwina kulikonse, sakhala ndi mwayi woika malire otere, ndipo bambo amene sadziwa kuphika angafune mkazi wa m'nyumba ngakhale mtima wake ukufuna mnzake wocheza naye chabe. Lahiri sakubisa zimenezi, koma sakuzifunsanso.

Chachiwiri ndi Mayi Bagchi mwiniwake. Kumubisa kwapatsa nkhaniyi mphamvu, koma kwamulanda pakamwa. Zonse zimene tikudziwa za iye tazimva kwa mwamuna amene ali ndi chifukwa chokhulupirira kuti mayiyo ndi wokhutira ndi panganolo. Sitikudziwa ngati naye amatsegula imelo kangapo patsiku, ngati kuvomera chipinda chimodzi ku Prague kunamuvuta pambuyo pa zaka zambirimbiri akukhala yekha, kapena ngati zimamupweteka kuti bamboyo akumubisa kwa ana ake. Ndipo pangano loonana paulendo pokha limagwira ntchito pamene onse angathe kukwera basi ndi kuyenda m'misewu ya miyala ya ku Italy. Haruf anaika Addie m'chipatala atathyoka fupa la m'chiuno, natisonyeza kuti pamenepo wolamula amakhala mwana. Lahiri anaimitsa nkhani yake bamboyo akadali wamphamvu zokumba dimba, funso la amene adzakhale pambali pa bedi lawo lisanafike, ndipo mwa anthu onse a m'nkhaniyi amene akuoneka kuti adzaitanidwa tsiku limenelo ndi Ruma yemweyo.